Mwa maliro onsewa, ndi angati amene abwera ndi fodya?

Ukamuuza munthu wosuta kuti fodya amapha, yankho limakhala lili kale pakamwa. "Agogo anga ankapichira chingambwe mpaka anafika zaka 90, osagonako m'chipatala. Koma mkulu wa mpingo uja, wosadziwa ndudu ngakhale mowa, anapita ndi mtima asanakwane zaka 50." Munthuyo sakunama ayi. Osuta ena amakalambadi, ndipo ena amene sanalawepo fodya amafa ndi matenda omwewo amene timati ndi a fodya. Choncho kufunsa ngati wosuta aliyense adzafe ndi fodya n'kutaya nthawi. Chofunika kudziwa n'chakuti mwa osuta amene amwalira, ndi angati akanakhala moyo akanapanda kusuta. Pamwamba pa apo, mwa maliro onse a m'boma kapena m'dziko, ndi angati amene tingawaike pamutu pa fodya, ndipo chipatala chikafuna kuchitapo kanthu chiyenera kuthandiza anthu angati kuti mmodzi apindule. Mafunso amenewa ali ndi mayankho owerengeka, ndipo masamu ake ndi a kupulayimale: kuchotsera ndi kugawa basi.

Manambala amene tigwiritse ntchito anachokera ku Britain. M'chaka cha 1951, Richard Doll ndi Austin Bradford Hill analembera kalata madokotala onse olembetsedwa m'kaundula wa dzikolo. Kalatayo inali ndi mafunso ochepa: kodi mumasuta, munasiya, kapena simunasutepo, munayamba muli ndi zaka zingati, mumasuta wochuluka bwanji patsiku. Anasankha madokotala chifukwa dokotala sasowa, dzina lake limakhala m'kaundula kulikonse kumene wasamukira, ndipo akamwalira anzake amalemba mosamala chimene chamupha. Madokotala aamuna oposa 34,000 anayankha. Kenako ofufuzawo anangodikira, n'kumalemba imfa iliyonse ndi chifukwa chake. Mu 1976 Doll ndi Richard Peto anatulutsa zimene anapeza pa zaka 20 zoyambirira, ndipo manambala anayi a m'lipoti limenelo akuphunzitsidwabe m'masukulu a zaumoyo mpaka lero.

Pa madokotala 100,000 aliwonse osasuta, pafupifupi 10 ankafa ndi khansa ya m'mapapo pachaka. Pa osuta ndudu 100,000, ankafa 140. Pa matenda a mitsempha ya mtima, osasuta ankafa 413 ndipo osuta ankafa 669. Manambalawa anakonzedwa moganizira misinkhu ya anthu, kuti pasakhale kuyerekeza anyamata ndi nkhalamba.

Pali njira ziwiri zoyerekezera 140 ndi 10. Yoyamba ndi kugawa, ndipo yankho lake ndi 14: wosuta ali pa chiopsezo chowirikiza ka 14 poyerekeza ndi wosasuta. Nambala imeneyi, imene m'mabuku imalembedwa mwachidule kuti RR, ndi imene manyuzipepala amaikonda chifukwa imaopsa. Ilinso ndi ntchito yeniyeni. Chiopsezo chikawirikiza kambiri chotere, zimavuta kuti wina anene kuti zangochitika mwamwayi kapena kuti pali china chobisika chimene chikuyambitsa matendawo. Ndiye umboni waukulu woti fodya ndiye mwini mlandu.

Njira yachiwiri ndi kuchotsera: 140 kuchotsa 10, kutsala 130. Anthu 10 aja akanafabe ngakhale dziko likanakhala lopanda fodya, chifukwa khansa ya m'mapapo ili ndi zoyambitsa zina. Otsalawo, 130 pa osuta 100,000 chaka chilichonse, ndiwo imfa zowonjezera. Ichi ndicho chiopsezo chobwera ndi fodya, chimene chidule chake ndi AR. Tikagawa 130 ndi 140 tikupeza pafupifupi 93 peresenti, kutanthauza kuti mwa osuta 100 amene afa ndi khansa ya m'mapapo, pafupifupi 93 sakanafa nayo popanda fodya.

Tsopano tichite chimodzimodzi ndi mtima, pakuti apa ndi pamene nkhani ikusintha nkhope. Tikagawa 669 ndi 413 tikupeza 1.6 yokha. Pafupi ndi 14 uja, nambala imeneyi ikuoneka yosaopsa, moti munthu angaganize kuti fodya alibe nawo kanthu kwenikweni mtima. Koma tikachotsera, 669 kuchotsa 413, tikutsala ndi 256. Imfa zowonjezera za mtima ndi 256, pamene za khansa ya m'mapapo ndi 130. Pakati pa madokotala aja, fodya ankapha anthu ochuluka pafupifupi kawiri kudzera mu mtima kusiyana ndi kudzera mu khansa imene imatchuka naye.

Chikuchititsa n'chakuti matenda a mtima anali ofala kale ngakhale kwa osasuta. Kuwonjezera pang'ono pa chinthu chachikulu kumaposa kuwirikiza kambiri chinthu chaching'ono. Mayi aliyense wosunga pakhomo amazidziwa zimenezi: bokosi la machesi litakwera mtengo kuwirikiza ka 14, ndipo thumba la chimanga litangokwera ndi theka la mtengo wake, chimene chingamusowetse tulo ndi chimangacho. N'chifukwa chake ndimadandaula ndikamva uthenga wa zaumoyo ukutchula kuwirikiza kokha. Womvera amachokapo akuopa khansa, osadziwa kuti kuthamanga kwa mtima ndi kubanika kumene akumva akakwera chitunda kungakhale ngongole ya ndudu zomwezo.

Pa mtima, gawo la fodya pakati pa osuta ndi 256 kugawa ndi 669, pafupifupi 38 peresenti. Apa pali malire ofunika kuwamvetsa. Tikhoza kunena motsimikiza kuti mwa osuta 100 amene afa ndi mtima, 38 ndi owonjezera. Koma palibe dokotala amene angaloze mtembo n'kunena kuti uyu ali m'gulu la 38, uyo ali m'gulu la 62. Mtsempha wotsekeka wa wosuta umaoneka chimodzimodzi ndi wa wosasuta. Nambalayi imanena za gulu, ndipo n'chifukwa chake nkhani ya agogo a zaka 90 aja siingaigwetse. Agogowo ali m'kati mwa masamuwo, m'gulu lalikulu la amene chaka chimatha asanakhudzidwe. Ndipo kunena zoona, chaka chimodzi chokha chimakhululukira ambiri: imfa 130 pa 100,000 ndi munthu mmodzi pa osuta pafupifupi 770. Vuto ndi lakuti munthu sasuta chaka chimodzi, ndipo fodya sapha ndi nthenda imodzi. Lipoti la 2004, la zaka 50 za kafukufuku yemweyo, linaonetsa kuti pafupifupi theka la osuta amene sanasiye anafa ndi matenda obwera ndi fodya, ndipo osuta ankafa msanga ndi zaka pafupifupi 10.

Funso la wokonza mapulani a dera lonse

Zonse tanenazi zikukhudza osuta okha. Koma mkulu wa zaumoyo m'boma sayang'anira osuta okha. M'mawodi mwake mumagona aliyense, ndipo iye afuna kudziwa kuti mwa odwala onsewo ndi angati amene sakanabwera dera lake likanakhala lopanda fodya. Yankho limadalira zinthu ziwiri: kuopsa kwa fodya kwa amene akusuta, ndi kuchuluka kwa osutawo.

Tiyeni tiyerekeze dera la amuna akuluakulu 100,000, mmene 20,000 amasuta ndipo 80,000 sasuta. Derali n'longopeka, ndipo tibwereke manambala a madokotala aja kuti tione mmene masamu amayendera. Osuta 20,000 ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a 100,000, choncho imfa zawo za khansa ya m'mapapo zikhala gawo limodzi mwa asanu la 140, ndiko kuti 28 pachaka. Osasuta 80,000 apereka imfa 8. Dera lonse likhala ndi maliro 36. Pakanakhala kuti palibe wosuta, anthu onse 100,000 akanakhala pa chiopsezo cha osasuta, ndipo maliro akanakhala 10. Owonjezera ndi 26. Tikagawa 26 ndi 36 tikupeza 72 peresenti. Ili ndilo gawo la nthendayo m'dera lonse lochokera ku fodya, lolembedwa mwachidule kuti PAF.

Morton Levin, wofufuza za khansa wa ku America, anafalitsa njira yachidule yopezera yankho lomweli mu 1953:

```
PAF = p(RR − 1) / [p(RR − 1) + 1]
```

Chilembo p chikuimira gawo la anthu osuta. M'dera lathu p ndi 0.2 ndipo RR ndi 14. Tichotse 1 pa 14, titsale ndi 13. Tichulukitse ndi 0.2, tipeze 2.6, kenako tigawe 2.6 ndi 3.6. Yankho ndi 0.72, monga tinapezera powerenga maliro mmodzimmodzi. Ubwino wa njirayi ndi wakuti sifuna kaundula wa imfa. Zimakwanira kudziwa kuchuluka kwa osuta ndi kuwirikiza kwa chiopsezo.

Onani zimene zimachitika p akasintha. Kumene theka la amuna amasuta, yankho limafika pafupifupi 87 peresenti. Kumene osuta ndi awiri okha pa 100, limatsika kufika pafupifupi 21 peresenti. Ndudu ndi yomweyo, mapapo ndi omwewo, kuopsa kwa amene akusuta sikunasinthe ngakhale pang'ono. Chasintha ndi kuchuluka kwa osuta basi. Izi zikutikhudza kuno kwathu, kumene kusuta n'kwa amuna makamaka ndipo amayi osuta ndi ochepa kwambiri. Wina akawerengera amayi n'kupeza gawo laling'ono, asaganize kuti fodya amawamvera chisoni amayi. Mayi amene akusuta ali pa ngozi yake yonse. Kungoti anzake ochita zomwezo ndi ochepa, ndiye katundu wa pa dziko ndi wochepa. Kusokoneza zinthu ziwirizi ndi cholakwa chofala kwambiri pa nkhaniyi.

Tikabwerera ku mtima m'dera lathu lopeka lija, osuta apereka imfa pafupifupi 134, osasuta 330, zonse pamodzi 464. Popanda fodya zikanakhala 413. Zowonjezera ndi 51, ndipo gawo la fodya ndi 11 peresenti yokha. Wowerenga mothamanga aona 72 peresenti ndi 11 peresenti n'kunena kuti nkhani yonse ili pa khansa. Koma 72 peresenti ija ndi anthu 26, pamene 11 peresenti iyi ndi anthu 51. Peresenti ikaperekedwa popanda kunena kuti ndi peresenti ya chiwerengero chanji, imasocheretsa ngakhale anthu ophunzira.

Pamene masamuwa amaterera

Kuchotsera kuja kumayenda bwino ngati osuta ndi osasuta akusiyana pa fodya pokha. Pa madokotala a ku Britain zinali pafupi kutero, popeza onse anali ophunzira mofanana, opeza bwino mofanana. Pakati pa anthu wamba sizikhala choncho. Wosuta nthawi zambiri amakhalanso womwa mowa, kapena wosauka, kapena wogwira ntchito m'fumbi. Tikapanda kupatula zimenezi, tidzaika pamutu pa fodya imfa zina zimene mwini wake ndi kachasu kapena umphawi. Ofufuza amathana nazo poyerekeza anthu ofanana: omwa mowa osuta ndi omwa mowa osasuta, a msinkhu umodzi, a ntchito imodzi. Kusiyana kukachepa kwambiri atachita zimenezi, ndi chizindikiro choti nambala yoyamba ija inali yotupa. Wowerenga lipoti ayenera kuyang'ana ngati lanena zinthu zimene zinapatulidwa. Likakhala chete pa zimenezo, nambala yake ndi yofunika kuikayikira.

Nthawi nayo imasokoneza. Khansa ya m'mapapo imatenga zaka makumi angapo kuti ionekere. Maliro a chaka chino ndi zipatso za ndudu zimene zinasutidwa zaka 20 kapena 30 zapitazo. Dziko limene achinyamata ake angoyamba kumene kusuta kwambiri lidzaoneka ngati lilibe vuto, ndipo wina akaika p wa lero pamodzi ndi RR wa anthu amene anasuta moyo wawo wonse, apeza nambala yokulirapo kuposa maliro amene akuchitikadi lero. Dziko limene ambiri asiya posachedwa lidzakhala ndi p wamng'ono koma mawodi odzaza. Pa chifukwa chomwechi, 72 peresenti ija sikutanthauza kuti ndudu zitaletsedwa mawa ndiye kuti chaka chamawa maliro atsika kuchoka pa 36 kufika pa 10. Chiopsezo cha amene wasiya chimatsika pang'onopang'ono, cha mtima mofulumirirapo, cha khansa mochedwa. Nambalayi ikuyerekeza dera lathu ndi dera limene silinasutepo chiyambire.

Ndiyeno pali nkhani ya kubwereka. RR wa 14 ndi wa amuna a ku Britain amene ambiri ankasuta ndudu za m'fakitale zambirimbiri tsiku lililonse kwa zaka zochuluka. Munthu amene amagula ndudu ziwiri kapena zitatu pa okala, kapena wopichira wake papepala, sali pa mlingo womwewo. Nawonso osasuta athu sali ngati osasuta a kumeneko, chifukwa ambiri, makamaka amayi, amapuma utsi wa nkhuni ndi makala m'khitchini moyo wawo wonse, ndipo ena amagona m'nyumba imodzi ndi wosuta. Chiopsezo cha osasuta chikakwera, kuwirikiza kumaoneka kochepa ngakhale fodya akuwononga monga kale. Komanso matenda ofala kuno ndi ena. Kusuta kumawonjezera chiopsezo cha chifuwa chachikulu, mwina kufika pafupifupi kawiri. Kawiri akuoneka wochepa pafupi ndi 14, koma taona kale pa mtima zimene kuwirikiza kochepa kumachita pa nthenda yofala.

Chomaliza pa gawoli chimadabwitsa ambiri: magawo a zoyambitsa zosiyanasiyana akhoza kupitirira 100 peresenti mukawaphatikiza, popanda cholakwa chilichonse. Kafukufuku wa ku America pa amuna ogwira ntchito ndi asibesitosi anapeza kuti fumbi lake lokha limawirikiza chiopsezo cha khansa ya m'mapapo pafupifupi kasanu, fodya yekha pafupifupi ka 10, koma ziwirizi pamodzi pafupifupi ka 50. Tengani amuna amene ali ndi zonse ziwiri. Mukachotsa fodya, 50 atsika kufika pa 5, ndiye fodya ali ndi 90 peresenti. Mukachotsa fumbi, 50 atsika kufika pa 10, ndiye fumbi lili ndi 80 peresenti. Kuphatikiza kukupereka 170 peresenti. Chifukwa chake n'chakuti imfa zambiri zinafuna zinthu zonse ziwiri kuti zichitike, ndipo kuchotsa chilichonse mwa izo kukanazipewetsa. Choncho munthu akanena kuti fodya ali ndi 72 peresenti, sizitanthauza kuti zoyambitsa zina zonse zatsala ndi 28 yoti zigawane.

Angati kuti mmodzi apindule

Wosuta akafika kuchipatala n'kunena kuti akufuna kusiya, funso limatembenuka. Tsopano tikuchotsera kuti tione phindu la thandizo. Mu 1988 Andreas Laupacis, David Sackett ndi Robin Roberts a ku Canada anapereka njira yosavuta yonenera phindu limeneli: tengani kusiyana kwa magulu awiri, mugawe 1 ndi kusiyanako. Yankho ndi chiwerengero cha anthu ofunika kulandira thandizo kuti mmodzi apeze phindu limene sakanalipeza popanda thandizolo. Chidule chake ndi NNT.

Kafukufuku wotchedwa EAGLES, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2016, akutipatsa chitsanzo chenicheni. Osuta oposa 8,000 a m'mayiko 16 anagawidwa mwa maere m'magulu anayi. Awiri mwa magulu amene akutikhudza pano analandira mankhwala enieni: ena mapiritsi a valenikilini, ena timapulasitala ta chikonga tomata pakhungu. Gulu lina linalandira mapiritsi ndi timapulasitala topanda mankhwala, koma tooneka chimodzimodzi, moti wodwala ngakhale womupatsa sankadziwa kuti walandira chiti. Onse ankalandira uphungu wachidule. Mankhwala anali a masabata 12, ndipo anthu anatsatidwa mpaka sabata la 24. Kungonena pakamwa kuti ndasiya sikunali kokwanira. Munthu ankauzira mpweya m'kachipangizo kam'manja kamene kamayeza mpweya woipa wa utsi wotsalira m'mapapo, ndipo nambala ikakwera ankawerengedwa kuti akusutabe.

Amene anakhala osasuta kuyambira sabata la 9 mpaka la 24 anali 9.4 peresenti m'gulu lopanda mankhwala, 15.7 peresenti m'gulu la timapulasitala, ndi 21.8 peresenti m'gulu la valenikilini. Pa valenikilini, kusiyana ndi 21.8 kuchotsa 9.4, kutsala 12.4 pa anthu 100 aliwonse. Tikagawa 100 ndi 12.4 tikupeza 8 ndi kakang'ono pamwamba. Pa timapulasitala kusiyana ndi 6.3, ndipo 100 kugawa ndi 6.3 ndi pafupifupi 16.

Tiyike anthu 100 pa benchi kuti tione tanthauzo lake. Onse amwa valenikilini. Pafupifupi 9 akanasiyabe okha ndi uphungu uja, ndiye mankhwala sanawawonjezere kanthu. Pafupifupi 78 akusutabe, kapena anasiya n'kuyambiranso. Apakati, 12 kapena 13, ndiwo asiya chifukwa cha mankhwala. Ndiwo phindu lonse, ndipo monga zinalili ndi imfa za mtima zija, palibe amene angawazindikire pasadakhale. Namwino ayenera kupereka kwa onse asanu ndi atatu kuti apeze mmodziyo. Ena akamva zimenezi amagwa mphwayi, amvekere mankhwala olephera asanu ndi awiri pa asanu ndi atatu ndi achabechabe. Ine sindikuona choncho. Mankhwala ambiri opewera matenda amene anthu amamwa tsiku ndi tsiku amafuna anthu makumi angapo, kapena oposa 100, kwa zaka zingapo, kuti mmodzi apulumuke sitiroko kapena nthenda ya mtima. Pa muyeso umenewo, 8 ndi nambala yabwino kwambiri.

Koma NNT sinambala yodindidwa pabotolo kuti iyende nalo kulikonse. Anthu a mu kafukufukuyu anali ofuna kusiya, ndipo ankaonedwa pafupipafupi. Tiyerekeze malo ena kumene, popanda mankhwala, atatu okha pa 100 ndi amene amakwanitsa. Mankhwala akawirikiza mwayi wawo mofanana ndi kuja, pafupifupi ka 2.3, osiya afika 7. Kusiyana ndi 4, ndipo NNT yakwera kufika pa 25. Mankhwala sanasinthe, asintha ndi anthu owalandira. N'chifukwa chake nambalayi imayenera kuyenda ndi zinthu zinayi: anthu ake ndi otani, akuyerekezedwa ndi chiyani, phindu lake ndi liti, ndipo pa nthawi yaitali bwanji. Kusiya kwa miyezi isanu ndi umodzi sikusiya kwa moyo wonse, pakuti ena mwa 12 aja adzabwerera ku ndudu. Palinso mbali ya zovuta: pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi omwa valenikilini anadandaula nseru. Anthu asanu ndi atatu aja akamamwa, awiri a iwo akhala akuchita nseru, ndipo ndi bwino kuwauza zimenezi asanayambe kusiyana ndi kuti adzazione okha n'kutaya mapiritsi.

Kodi ndi angati ofunika kuthandizidwa kuti imfa imodzi ipewedwe? Tikhoza kuyerekeza malire ake apansi. Ngati theka la osuta osasiya amafa ndi fodya, ndiye pafunika osiya awiri kuti mmodzi apulumuke, ndipo osiya awiri afuna anthu 16 olandira mankhwala. Nambala yeniyeni ndi yokulirapo, chifukwa ena amayambiranso, ena akanadzasiyabe okha patsogolo, ndipo wosiya mochedwa sapulumuka chiopsezo chonse. Lipoti la 2004 lija linaonetsa kuti wosiya ali ndi zaka 30 amabweza pafupifupi zaka 10 za moyo, wa zaka 40 amabweza 9, wa zaka 50 amabweza 6, ndipo wa zaka 60 amabweza 3. Ndiye NNT yofanana pa kusiya ikhoza kubisa phindu losiyana kwambiri, malinga ndi msinkhu wa amene akhala pa benchi.

Tiyerekeze ndi njira ina yolimbana ndi khansa yomweyi. Ku America, kafukufuku amene anatuluka mu 2011 anatenga anthu oposa 53,000 a zaka 55 mpaka 74, onse osuta kwambiri kapena amene anasiya atasuta kwambiri. Theka linkaunikidwa m'chifuwa ndi makina a sikani kamodzi pachaka kwa zaka zitatu, theka lina ndi ekisilei wamba. Imfa za khansa ya m'mapapo zinatsika ndi 20 peresenti m'gulu la sikani, ndipo nambala imeneyi ndi imene inamveka kwambiri. Koma atachotsera n'kugawa, anapeza kuti pamafunika kuunika anthu pafupifupi 320 kuti imfa imodzi ipewedwe pa zaka zisanu ndi chimodzi ndi theka. Pafupifupi sikani imodzi mwa zinayi inkaonetsa kanthu kokayikitsa, ndipo zoposa 9 mwa 10 za zokayikitsazo zinapezeka kuti si khansa, atawayezanso anthu, ena mpaka kuwaboola ndi singano kuti atenge kanyama.

Manambala a 16 ndi 320 sakuyeza nthawi yofanana, woyamba ndi wa moyo wonse ndipo wachiwiri ndi wa zaka zochepa, choncho sitingawaike pa sikelo imodzi mwachindunji. Komabe ngakhale 16 uja titamuwirikiza kanayi kapena kasanu poganizira oyambiranso ndi osiya mochedwa, akadali kutali ndi 320. Kuunika kumangogwira khansa ya m'mapapo yokha, pamene kusiya kumachepetsanso imfa za mtima zija zimene zinali zochuluka kawiri. Malawi, dziko lodalira fodya pa ndalama zakunja, linalowa m'pangano la Bungwe la Zaumoyo Padziko Lonse lochepetsa kusuta mu 2023, ndipo panganolo limafuna kuti mayiko azithandiza ofuna kusiya. Kwa dziko la makina a sikani owerengeka, kwacha yoyamba ya ntchito imeneyi ndingakonde itapita kwa namwino wa pachipatala chaching'ono, amene angafunse wodwala aliyense ngati amasuta, makamaka wa chifuwa chachikulu ndi wa kuthamanga kwa magazi, n'kukhala ndi chomupatsa akayankha kuti akufuna kusiya.